Katoni ya makilo 9 anati ndi makilo 20

Abale inu, ndisanapite ku kampani yotumiza katundu ndinaimba kaye foni kufunsa mtengo wotumizira katoni kuchokera ku Dedza kupita ku Mzuzu, mayi wa pakauntala anandiuza yekha kuti K1,500 pa kilo. Makapu ndi mbale zadothi za achemwali anga ndinayeza pa sikelo ya mbatatesi kumsika, makilo 9, ndiye m'thumba ndinali ndi K13,500 ndi kapamwamba pang'ono.

Kufika pa ofesi mayi uja sikelo sanayipenye n'komwe, anangotulutsa tepi kuyamba kuyeza katoni ngati telala, mulitali masentimita 60, mulifupi 40, msinkhu 40, kuchulukitsa zonse kupeza 96,000, kugawa ndi 5,000 kupeza 19.2 basi akuti makilo 20, K30,000. Ndinapsa mtima heve. Akuti katundu wopepuka koma wodya malo m'galimoto amalipiritsa kukula kwake, pakati pa makilo a sikelo ndi a tepi amatenga ochulukawo. Chabwino, nanga pafoni paja pakamwa panali chiyani osanena? Ndipo amayankha maso ali pa WhatsApp.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wonyamula katundu. Anati bambo theka la katoni yanuyi ndi manyuzipepala ndi mphepo, pezani yaing'ono. Tinapakiranso mu ya 40, 40, 30, tepi inapereka 9.6, ndinalipira makilo 10, K15,000. Katundu yemweyo!

Ndinafunsanso kwina. Kampani ina inati K12,000 koma masiku anayi poti zaku mpoto zimakagona kaye ku Lilongwe mpaka galimoto idzaze, ukafuna mawa lomwe ndiye kuwonjezera. Kondakitala wa basi amafuna K8,000 chabe, popanda lisiti, zikasweka ukamusaka ku depoti wekha.

Inshuwalansi ya kampani yoyamba ija ndinkaiona ngati kuba basi. Amatenga 2 peresenti ya mtengo umene walemba pa fomu, ine ndinalemba K120,000 kulipira K2,400 monyinyirika. Koma zoswekazi salola usanawatsegulire aone mmene wakulungira, ndipo lisiti yogulira katunduyo usataye. Mnyamata uja anandinong'onezanso kuti wolandira atsegule katoni pamaso pawo asanasaine, akasainira kuti zafika bwino n'kukatsegulira kunyumba kulibe chako.

Zinafika tsiku lachiwiri masana, makapu awiri atathyoka zogwirira, mwina n'chifukwa chochepetsa manyuzipepala kuja, sindikana. Achemwali anajambula pomwepo pakauntala, analemba pa fomu, patatha milungu itatu ndi kuimba kanayi anandibwezera K16,000 ya makapu awiriwo pafoni. Apo pokha ndawavulira chipewa.

Ndidzatumizanso ndi iwowa koma tepi yanga ili m'thumba, ndipo ndikadzapeza mayi uja pakauntala ndidzadikira panja mpaka apite kukadya nkhomaliro.