Dzina la mwini kapena dzina lopeka pa zovala?

Telala wa ku Nchalo kapena ku Bangula amene akufuna kuika dzina pa zovala zake ali ndi njira ziwiri: kutchula bizinesi dzina lake lenileni, kapena kupeka dzina lalifupi.

Dzina la mwini limakoka anthu omudziwa kale, ndipo pa chikwangwani limakhala bwino chifukwa khoma ndi lalikulu. Vuto limaonekera pa kansalu kosokerera kukhosi kwa malaya, kamene m'lifupi mwake ndi masentimita ngati 5. Dzina la zilembo 18 likapanikizidwa pamenepo, zilembozo zimachepa kwambiri, ndipo chovala chikachapidwa kangapo ndi kuyanikidwa pa dzuwa la kuchigwa kuno, siziwerengekanso. Pa chidindo cha lisiti nazonso zimagundana inki ikachuluka.

Dzina lopeka la zilembo 5 kapena 6, monga "Ulusi", limakwana ponseponse popanda kulidula, ngakhale limatenga nthawi kuti anthu alizolowere. Ine ndimakonda njira imeneyi, bola dzinalo likhale losavuta kutchula kwa olankhula Chisena ndi Chimang'anja omwe. Musanalipire wolemba chikwangwani, kafufuzeni ku ofesi ya boma yolembetsa maina a mabizinesi ngati wina sanalembetse kale dzinalo.