Bobini, timitolo kapena ulusi wolendewera poluka intaziya

Poluka intaziya, njira yolukira zigawo za mitundu yosiyanasiyana pa choluka chimodzi, chigawo chilichonse cha mtundu chimakhala ndi ulusi wakewake, ndipo ulusiwo sudutsa kuseri kwa chigawo china. Choncho juzi ya madayamondi atatu pa mzere umodzi imafuna ulusi 7: utatu wa madayamondi ndi unayi wa mtundu wowazungulira.

Bowo limabwera pamene mitundu iwiri yakumana osakolana. Njira yolitsekera ndi imodzi, kaya mukuluka kumaso kapena kuseri: ulusi umene mwamaliza nawo muugoneke kumanzere, pamwamba pa watsopano, kenako mutenge watsopanoyo kuchokera pansi pake, n'kukokako pang'ono poluka sitichi yoyamba. Ena amamanga mfundo, koma mfundo imatupa, imatulukira kumaso, ndiponso imamasuka pochapa. Vuto n'lakuti kukolanitsa komweko kumapiringizanitsa ulusi wolendewera, ndipo apa ndi pamene njira zitatu zimasiyana.

Bobini zapulasitiki, tizipangizo tokulungapo ulusi, zimasunga ulusi wambiri, ndipo siupiringizana msanga ngati mumasula wochepa, mwina masentimita 20, kuti bobini ikhale pafupi ndi singano. Komabe zikachuluka zimakolana ngodya, ndipo kulemera kwake kumakoka masitichi a m'malire mpaka kuoneka aakulu kuposa anzawo.

Timitolo, timene timapangidwa pokulunga ulusi pa chala chachikulu ndi chaching'ono monga nambala 8, n'topepuka komanso sitifuna ndalama. Muyenera kuluka ndi nsonga imene munayambira kukulunga, chifukwa ndiyo imasololoka m'kati. Mukatenga inayo, imene munamangira pakati, kamtolo sikamasula bwino. Ulusi woterera nawonso suchedwa kumasuka wonse.

Njira yachitatu ndi kudula ulusi wa mamita ochepa n'kuusiya ulendewere. Umapiringizana ndithu, koma poti ulibe chokola kunsonga, mumangousolola ndi zala. Choipa chake ndi nsonga zambiri zofunika kusokerera pomaliza, kotero ndi bwino kuyeza musanadule. Lukani kachidutswa koyesera, mumasule masitichi 10, muyeze. Ngati adya masentimita 20, dayamondi imene imayamba ndi sitichi imodzi, yokula ndi awiri pa mzere uliwonse kufika pa 15 kenako n'kuchepanso, ili ndi masitichi 113, ndipo ifuna mamita 2.3, kuwonjezapo masentimita 15 kunsonga iliyonse.

Kwa ine, dayamondi yotere imayenera ulusi wolendewera, pamene zigawo zikuluzikulu zowazungulira zimayenera timitolo. Bobini ndimazisiyira ulusi woterera. Pogwiritsa ntchito timitolo kapena bobini, samalani potembenuza choluka: mukamaliza mzere wakumaso tembenuzirani mbali imodzi, mukamaliza wakuseri bwezerani mbali inayo. Mukamazungulizira mbali imodzimodzi nthawi zonse, ulusi wonse umapotana ngati chingwe, pamene kubwezera kumasiya mzere wakuseri kuti umasule zimene wakumaso unapiringiza.