Losheni wopanda fungo pansi pa perefyumu: ndamuyesa miyezi itatu, nyenyezi 4 mwa 5

Khungu langa ndi louma chibadwire. Chiperoni chikayamba kuno ku Blantyre mu Juni, miyendo imatuwa kuti mbuu ngati ndagona paphulusa. Koma chomwe chinkandiwawa kwambiri si kutuwako. Ndinkathira perefyumu 6 koloko m'mawa, kukwera minibasi, kufika kuntchito, ndipo ikamakwana 9 koloko fungo lonse linali litapita. Mnzanga wa muofesi, yemwe khungu lake ndi lamafuta, ankathira perefyumu wamtundu womwewo n'kumanunkhirabe mpaka poweruka. Ndinafika poganiza kuti anandigulitsa wachinyengo.

Mnzangayo ndi amene anandiuza kuti ndiyambe ndadzola losheni wopanda fungo ndisanathire perefyumu. Ndinagula botolo la mamililita 400 m'sitolo ina yogulitsa mankhwala ku Limbe, ndipo ndemangayi ndi ya losheni ameneyo. Ndi woyera, wolimbirako pang'ono, ndipo pamndandanda wa zomwe anaikamo pali madzi, giliserini ndi mafuta a jele.

Sindinafune kungokhulupirira za m'maluwa, ndiye sabata yoyamba ndinamuyesa motere. Nditasamba, dzanja lamanzere ndinkalidzola losheni kuyambira pamfundo ya dzanja kufika m'kati mwa chigongono, lamanja n'kulisiya louma. Kenako ndinkathira perefyumu kamodzi uku, kamodzi uku. Wonunkhiza sanali ine ayi, chifukwa mphuno imazolowera fungo lomwe uli nalo pathupi n'kusiya kulimva, pomwe anzako akulimvabe. Ndinkapempha mnzangayo kuti anunkhize manja onse awiri osamuuza lomwe ndadzola. Masiku onse asanu, lamanja linkakhala litazilala cha m'ma 9 kapena 10 koloko, pomwe lamanzere ankalimvabe nthawi ya nkhomaliro, tsiku lina mpaka 2 koloko. Kwa ine ndiye kuti losheniyu amawonjezera maola atatu kapena anayi. Safika madzulo, ndisaname.

Chifukwa chake n'chosavuta. Perefyumu ndi mafuta onunkhira osungunulidwa mu sipiriti. Ukathira, sipiriti amauluka msanga n'kusiya mafuta onunkhirawo pakhungu, ndipo nawonso amauluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake timawamva. Akapeza mafuta pakhungu amasakanikirana nawo, ndiye kuuluka kwawo kumachedwa. Khungu louma lilibe chowagwirira. Losheni amangobwezera mafuta omwe khungu langa silipanga okwanira. Ndiye ngati khungu lanu ndi lamafuta kale, musayembekezere kusintha kwakukulu ngati komwe ndinaona ine.

Pomwe ndinavutika ndi pa nthawi yodikira. Masiku oyamba ndinkadzola n'kuthira perefyumu pompopompo, losheni akadali wonyowa. Fungo linkatuluka lofooka ngati lathiridwa madzi, ndipo madontho ankangotsetsereka pakhungu. Tsiku lina ndinadzola, n'kukakonza tiyi wa ana, kusita bulauzi, kubwera patapita theka la ola. Zinathandizabe koma osati kwenikweni. Chomwe chandiyendera ndi ichi: ndikatuluka kubafa ndimadzipukuta mosafikapo kuti thupi likhale lonyowerako, ndimadzola, n'kudikira mphindi zitatu kapena zisanu. Ndikakhudza ndi chala n'kumva kuti khungu lafewa koma silikumata, ndiye nthawi yakwana. Ndimathira kawiri m'mbali mwa khosi ndi kamodzi m'kati mwa chigongono chilichonse, botolo litatalikira ngati kutalika kwa chikhatho. Pamfundo za manja ndinasiya kuthirapo, chifukwa ndimasamba m'manja kangapo patsiku, ndipo sopo amachotsa losheni ndi perefyumu yemwe. Kutikita manja ndikathira nakonso ndinasiya, ndimangosiya ziume zokha.

Pali china chomwe palibe anandiuza. Fungo limakhalitsa, inde, koma limakhala pafupi ndi thupi. Kale ndikalowa muofesi m'mawa aliyense ankadziwa kuti ndafika, kwa ola limodzi lokhalo. Pano amandimva ndi amene wakhala nane pafupi, koma amandimva nthawi yaitali. Ine zimenezi ndazikonda, makamaka m'minibasi momwe timakhala mothithikana. Wofuna kuti fungo lizimutsogolera polowa paukwati mwina akhumudwa.

Komanso losheni sagwira mafungo onse mofanana. Perefyumu wanga amayamba ndi kafungo ka mandimu, kenako maluwa, pansi pake vanila. Ka mandimuko kamathabe mkati mwa theka la ola, kudzola kapena osadzola, chifukwa mafungo a zipatso ngati mandimu ndi malalanje ndi opepuka. Chomwe chimatsalira mpaka masana ndi vanila uja. Ndinayesanso ndi kabotolo kopopera thupi kotsika mtengo komwe mng'ono wanga amagwiritsa ntchito. Pamenepo losheni anangowonjezera mwina ola limodzi. Zopopera zoterezi zimakhala ndi mafuta onunkhira ochepa kwambiri, pomwe perefyumu wolembedwa EDT amakhala nawo cha pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 aliwonse, ndipo wa EDP cha pakati pa 15 ndi 20. Losheni sangasunge zomwe m'botolomo mulibe.

Nanga bwanji osangodzola losheni wamasiku onse? Ndinayesa ndi wanga wakale wa fungo la koko. Koko ndi maluwa a m'perefyumu zinakangana, n'kutuluka kafungo kotsekemera kolemera komwe kanandipweteketsa mutu tisanafike ndi pa Ginnery Corner pomwe. Pogula muziwerenga kumbuyo kwa botolo, osangoona kutsogolo. Ena amalemba kuti alibe fungo koma anaikamo kafungo kobisa fungo la mankhwala ake. Mukaona mawu akuti Parfum kapena Fragrance pamndandandawo, dziwani kuti fungo lilimo. Wangayu alibe mawu amenewo, ngakhale ukamutsegula amamveka kafungo kamankhwala pang'ono. Kamatha pakapita mphindi ziwiri ndipo sikanasokonezepo perefyumu.

Mafuta a jele olimba aja timadzoza ana nawonso amagwira ntchito, mwinanso kuposa losheni, koma amafuna pang'ono zedi, kadontho ngati kanjere ka mpunga pamalo pomwe muthire. Ine ndinachulutsa pakhosi, kolala ya bulauzi yoyera n'kuda ndi mafuta ndi fumbi. Kulakwa kunali kwanga, koma kuyambira pamenepo ndinabwerera ku losheni, yemwe amalowa m'khungu osasiya banga pa zovala.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Pampu ya botololi imatulutsa wambiri nthawi imodzi, ndipo sifika pansi, moti chakumapeto ndimachita kutsegula n'kuligwedeza chozondotsa. Chachiwiri ndi kutentha. Kumapeto kwa Ogasiti dzuwa litayamba kuwawa, ndinaona kuti ndikadzola thupi lonse monga ndinkachitira mu Julayi ndimatuluka thukuta msanga, ndipo thukuta likasakanikirana ndi losheni fungo limathawa ngati kale. Pano ndimangodzola pakhosi ndi m'zigongono pokhapo, miyendo ndimaidzola madzulo.

Chenjezo kwa anzanga a khungu louma: pomwe pang'ambika kapena pakuyabwa musathirepo perefyumu, ngakhale mutadzola. Sipiriti amaluma ndipo amaumitsanso khungu. Masiku oterowo ine ndimathira m'kati mwa juzi yakuda.

Botolo loyamba landikwanira miyezi itatu, ndipo perefyumu yemwe ndinkayenda naye m'chikwama kuti ndizibwereza masana pano amatsala kunyumba. Lachiwiri ndagula kale, ngakhale ndikudziwa kuti mu Okutobala ndizingomudzola pakhosi basi.