Fikisidi dipoziti kapena thumba la mane maketi: tsiku ndilo lisankhe

Ndalama zomwe mudzazifune pasanathe zaka ziwiri musazisankhire malo pongoona chiwongoladzanja. Yambani mwadzifunsa ngati tsiku lodzazigwiritsa ntchito mukulidziwa.

Pa fikisidi dipoziti mumagwirizana ndi banki kuti isunge ndalama zanu kwa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo chiwongoladzanja sichisintha mpaka tsikulo litakwana. Thumba la mane maketi ndi losiyana. Anthu ambiri mumasonkha pamodzi, woyendetsa thumba n'kumakongoza ndalamazo ku boma, mabanki ndi makampani kwa nthawi yochepa. Phindu limakwera ndi kutsika ndi msika, koma mukafuna ndalama zanu zimatuluka m'masiku ochepa ogwira ntchito.

Tiyerekeze kuti muli ndi 1,000,000. Banki ikupereka 12 peresenti pachaka, thumba likulengeza 13 peresenti. Maso amathamangira ku 13, koma funsani kaye ngati malipiro a woyendetsa achotsedwapo kale. Ngati ndi 1.5 peresenti ndipo sanachotse, zanu ndi 11.5. Tinenenso kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi msika watsika, zanu zafika pa 9. Chaka chikatha thumba lakupatsani phindu la pafupifupi 102,500, pomwe banki yakupatsani 120,000 monga munapanganirana. Msika ukadakwera kwambiri, wodandaula akadakhala wa fikisidi.

Nanga vuto litakugwerani mwezi wachisanu ndi chiwiri? Thumba likupatsani ndalama zanu ndi phindu la pafupifupi 65,000. Ku banki mukuswa pangano, ndipo pali chilango: ena amalanda chiwongoladzanja chonse, ena amachitsitsa. Atachitsitsira pa 4 peresenti, mutuluka ndi phindu la 23,333 basi. Ndime ya chilangoyi ili pa fomu, kungoti ambirife timasaina osaiwerenga.

Pa chitetezo fikisidi ili patsogolo. M'maiko omwe muli inshuwalansi ya ndalama zosungitsa, banki ikagwa mumabwezeredwa mpaka pa mlingo woikika. Thumba nthawi zambiri silikhala pansi pa inshuwalansi imeneyi. Kuluza sikuchitika kawirikawiri, koma amene anakongozedwa akalephera kubweza, mumagawana chitayikocho. Thumba lomwe phindu lake laposa kwambiri anzake ine ndimalikayikira, ndipo ndimayamba ndaona kuti akukongoza ndani.

Ine ndimagawa. Ndalama za tsiku lodziwika, monga fizi yolipira pakatha miyezi khumi ndi iwiri, ndimazitsekera pa fikisidi yotha kutatsala milungu iwiri kuti tsikulo lifike. Zomwe tsiku lake likhoza kusuntha zimapita ku thumba. Potsegula fikisidi ndimalembetsa kuti ikatha ndalama zibwerere ku akaunti yanga, chifukwa mabanki ena amangoitsekeranso nthawi ina yofanana ukakhala chete, mwinanso pa chiwongoladzanja chotsika.