Webusaiti ya geni yanga yadutsa chaka, nazi ndalama zomwe ikudya zenizeni

Webusaiti ya geni yathu yobwereketsa matenti ndi mipando ya pa ukwati ndi zinkhoswe yatha chaka ndi miyezi ingapo tsopano, ndipo mbali ya ntchito ndilibe nayo dandaulo, imatsegula bwinobwino ngakhale pa foni ya bandulo yochepa. Pomwe pali nkhani ndi pa ndalama. Mtengo womwe mumauona tsiku logula uja si mtengo wa webusaiti ayi, ndi mtengo wa chaka choyamba basi, weniweni mumadzakumana nawo invoisi yachiwiri ikabwera, ndipo umabwera mu madola.

Chaka choyamba zinali zotchipa mpaka ndinkauza anzanga kuti aliyense angokhala nayo. Hositingi, malo omwe webusaiti imakhala pa seva aja, inalembedwa $2.99 pa mwezi koma kulipira chaka chonse kamodzi, ndiye ndi madola pafupifupi 36. Domeni, dzina la webusaiti lija lothera ndi .com, anati ndi yaulere. Maimelo awiri a dzina la geni, aulere. Bakapu, kope yosungira ya webusaiti yonse, yaulere. WordPress, pulogalamu yopangira webusaitiyo, ndiye ndi yaulere kale mpaka kale, imeneyo sanama. Ndinagula thimu, maonekedwe a webusaiti okonza kale, ya madola 59 yolipira kamodzi, ndi pulagini, kapulogalamu kowonjezera, yoti munthu azisankha tsiku la ukwati ndi kuchuluka kwa mipando nkutumiza fomu, madola 49. Zonse pamodzi madola 144, osawerengera ya mnyamata amene anandikonzera yomwe tinapangana mu makwacha ndipo inathera pomwepo.

Tsono pa tsamba logulira lija pansi pa $2.99 pamakhala timalemba ting'onoting'ono totuwa, `renews at $11.99/mo`. Timeneto ndiye mtengo, $2.99 ija ndi nyambo chabe pa mbedza. Invoisi ya chaka chachiwiri hositingi yokha inali madola 144, kanayi kuposa poyamba, seva yomweyo, malo omwewo, palibe chomwe awonjezera. Domeni yaulere ija inabwera ndi madola 20. Bakapu madola 3 pa mwezi, ndi 36 pa chaka, ndipo kabokosi kake kanali kochonga kale tsiku logula moti sunachite kupempha. Maimelo madola 2 lililonse pa mwezi, awiriwo ndi 48. Pulagini ya fomu ija nayo eti ndi laisensi ya pachaka, 49 inanso. Kuwonkhetsa zonse ndi madola 297, kuchoka pa 144, chonsecho thimu sindinagulenso.

Pa reti ya kubanki ya makwacha pafupifupi 1,750 pa dola imeneyo ndi K520,000 kapena kuchepera pang'ono. Koma inu mukudziwa mmene foreksi ilili kwathu kuno. Khadi imatha kukhala ndi makwacha okwanira koma kulipira kunja nkukana, kapena kulola madola ochepa kwambiri pa mwezi oti 144 sangadutse kamodzi, ndiye umakathera kwa msuweni ali ku Joni kapena munthu wa khadi yakunja, ndipo ameneyo sakuwerengera 1,750, amakuwerengera reti yake yomwe nthawi zina imapitirira kawiri. Nchifukwa chake bajeti ya webusaiti ndimailemba mu madola kaye, kenako ndimachulukitsa ndi reti yomwe ineyo ndingapezeredi dolayo, osati yolembedwa munyuzi. Ndipo ndimasiya malo. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti dola inachoka cha pa 1,180 kufika cha pa 1,700 tsiku limodzi, munthu amene invoisi yake inali madola 229 anagona akuganiza K270,000 nkudzuka ndi K389,000, kampani ya hositingi isanakweze ngakhale senti.

Madola 229 ndawatchula dala chifukwa ndi pomwe ndinafika nditadula zodula. Bakapu yolipira ndinachotsa, ndinaika pulagini yaulere ya UpdraftPlus yomwe imatumiza kope ya webusaiti yonse ku Google Drive sabata iliyonse, ndipo kwa ine ndi yabwino kuposa ija chifukwa kopeyo ili kwina, hositingi itatseka akaunti ndikadali nayo. Imelo ndinasiya imodzi, inayo inali ya dzina langa yomwe palibe ankalemberako. Apo 60 yapita. Domeni ndinaisamutsa kupita ku kampani ina yomwe imangotenga madola 12 pa chaka m'malo mwa 20. Satifiketi ya SSL, kaloko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi kaja, ankandilembera maimelo kuti ndigule yapamwamba, sindinagule, ya Let's Encrypt ndi yaulere, imakhala masiku 90 nkudzikonzanso yokha ndipo kwa webusaiti yoonetsa matenti palibe kusiyana komwe kasitomala angaone. Pulagini ya fomu ndinalipira. Ukasiya kulipira nthawi zambiri imapitiriza kugwira ntchito, kungoti imasiya kulandira zokonza zatsopano, ndiye WordPress ikasuntha kawiri katatu fomu imayamba kuvuta mwakachetechete, kapena akuba amapeza polowera, ndipo fomu imeneyo ndi imene imabweretsa makasitomala.

Za domeni ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi yotchipa pa zonsezi koma ndi imene imapweteka kwambiri ikakusempha. Mtengo wa .com uli ndi poyambira pake, kampani ya Verisign yomwe imasunga kaundula wa .com inayamba kutenga $10.26 pa domeni iliyonse pa chaka mu Seputembala 2024, ndipo pamwamba pake pali timasenti ta ICANN, bungwe loyang'anira maina a pa intaneti. Ndiye wokugulitsani pa dola imodzi kapena ulere akuluza dala chaka choyamba, adzabweza kutsogolo, ndipo wokuuzani 20 kapena 22 wangoikapo yake yambiri. Cha pa 11 mpaka 13 ndi mtengo wachilungamo. Kusamutsa sikovuta, mumachotsa loko pa domeni, mumapempha nambala yachinsinsi yomwe pa sikirini amalemba `EPP code` kapena `Auth code`, nkukaika ku kampani yatsopano, ndipo ndalama yosamutsira imawonjezera chaka chimodzi pamwamba pa nthawi yotsala, simuluza kanthu. Kungoti sizitheka masiku 60 oyamba mutagula, komanso zimatenga masiku angapo, ndiye musadikire sabata yomaliza.

Hositingi ikatha webusaiti imazima koma ukalipira msanga imabwerera. Domeni ikatha imazima webusaiti ndi maimelo omwe, kenako wotchi imayamba kuyenda. Pali kanthawi koti ukhoza kulipira mtengo wamba, makampani amasiyana, ena masiku ochepa ena mpaka cha m'ma 40. Ikadutsa apo imalowa masiku 30 omwe pa kaundula amalemba `redemptionPeriod`, ndipo kuiwombola pamenepo ndi madola 80 kupita m'mwamba kuphatikiza mtengo wa chaka. Kenako masiku 5 odikira kufufutidwa, basi aliyense atha kugula dzina lanulo. Mayi wina mnzathu wa zokongoletsa pa maukwati zinamuchitikira, anadziwira kwa kasitomala kuti imelo ikubwerera, pomwe dzinalo analilemba pa galimoto, pa makhadi ndi pa chikwangwani cha pa shopu. Machenjezo ankabwera ndithu, malamulo a ICANN amakakamiza kuti atumize kutatsala mwezi komanso kutatsala sabata, koma ankapita ku imelo ya mnyamata amene anamukonzera webusaiti, yemwe analembetsa domeniyo pa dzina lake nkusintha nambala ya foni. Analipira yowombola atamupeza mwamwayi kudzera kwa mlongo wake.

Kudziwa tsiku lothera sikufuna kufunsa munthu, lowani pa `lookup.icann.org` mulembe domeni yanu, kapena amene ali ndi Linux kaya Mac alembe izi, kuika domeni yake m'malo mwa example.com:

```
whois example.com | grep -i expiry
```

Mzere wa `Registry Expiry Date` ndi umenewo. Ine ndinaika pa kalendala ya mufoni kutatsala miyezi iwiri, chifukwa `Auto-renew` ndi yabwino kumayiko komwe khadi sikana, kuno imayesa kudula ndalama masabata angapo tsiku lisanakwane, khadi nkukana, iwo nkungotumiza kaimelo kamodzi komwe kamagwera pakati pa maimelo otsatsa malonda. Komanso khadi yokhayo imatha ntchito, banki ikakupatsani yatsopano nambala yasintha, yakale ija idakali mu akaunti ya hositingi. Miyezi iwiriyo ndi yoyendera kubanki ndi kunyengerera asuweni.

Pali ndalama ina yosabwera ndi invoisi. WordPress ndi mapulagini amafuna kukonzedwa pafupipafupi, ambiri ndimangodina ndekha, koma tsiku lina tsamba la zithunzi linangosanduka loyera ndipo wobwera kudzakonza sabwera ulere. Ndinapangana ndi mnyamata uja kuti ndizimulipira akagwira ntchito osati pamwezi, kwa webusaiti ya masamba asanu ndi limodzi ya pamwezi ndi kutaya ndalama, koma mu bajeti ndimaikamo maulendo awiri kapena atatu pa chaka. Pa madola 229 aja ndimawonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu la mitengo yokwera ndi zodula za banki, ndiye nambala yomwe ndimasungira ndi 275, pafupifupi madola 23 pa mwezi omwe ndimapatula ku ndalama za ukwati woyamba wa mwezi.

Kaya ndi yoyenera ndalama zimenezi, kwa ine eya koma osati pa chifukwa chomwe ndinaipangira. Anthu a maukwati ambiri amabwerabe pa WhatsApp ndi Facebook, webusaiti amangoisuzumira kuona ngati matentiwo ndi oyera. Amene yandibweretsera ndi mabungwe ndi maofesi ofuna khotesheni ya misonkhano, iwowo akaona imelo ya dzina la geni amakutenga ngati munthu wokhazikika, ndipo ntchito imodzi ya msonkhano wa masiku awiri imabweza ya chaka chonse. Wogulitsa kaunjika kapena makeke amene makasitomala ake onse ali pa sitetasi ndingamuuze agule domeni yokha ya madola 12 kusunga dzina, zinazo adikire.

Hositingi ya 144 ija ndiye ikundiwawabe. Amapereka mtengo wotsika ukalipira zaka zitatu kamodzi, koma kupeza madola onsewo tsiku limodzi ndi nkhani ina, ndipo zakazo zikatha mtengo waukulu uja ukudikirabe. Ndayamba kufunsa makampani a konkuno omwe amalandira makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo aliyense ndikumupempha andilembere pa imelo mtengo wa chaka chachiwiri, ngati maimelo ndi SSL zili momwemo, komanso ngati mtengowo umasuntha dola ikasuntha, poti ambiri mwa iwo maseva amachita lendi kunja nawonso. Mmodzi wayankha kale kuti amaunikanso mitengo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, enawo ndikudikira.