Khadi langa la 8 GB pa 1440p: mphamvu ikadalipo, malo ndiwo achepa

Khadi la zithunzi limene lili m'kompyuta mwangamu ndi la m'badwo umene unatuluka kumapeto kwa 2020, lapakatikati koma lokwererako, la memori ya 8 GB. Ndinaligula mu 2021 ndipo kuyambira pamenepo lakhala likuyendetsa sikirini ya 1440p. Za thupi lake palibe chonena chambiri. Mafani akuzungulirabe osalira, ndimalipukuta fumbi mwa apo ndi apo, basi. Khadi losamalidwa bwino silifulumira kufa, ndiye amene akukonza bajeti asataye nthawi kufunsa kuti lidzapsa liti. Limatha ntchito lili moyo, ndipo zimene ndaona n'zakuti limatha m'njira ziwiri zosafanana n'komwe.

Njira yoyamba ndi ya pang'onopang'ono, ndipo siopsa. Magemu atsopano amalemera chaka ndi chaka, mafulemu pa sekondi n'kumatsika. Gemu ya 2021 ndinkaiika pa `Ultra` osaganizira kawiri. Patapita chaka ndinayamba kutsitsa mithunzi ndi chifunga kupita pa `High`, ndipo kunena zoona maso anga sankaona kusiyana pokhapokha nditaima n'kumayang'anitsitsa. Kenako panabwera kuyatsa DLSS kapena FSR, njira zojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa. Pa `Quality`, chithunzi cha 1440p chimajambulidwa pa 1707×960 n'kukulitsidwa, moti khadi limajambula mapikiselo osafika theka. Zimenezi zokha zimabweza mafulemu a zaka ziwiri kapena kuposerapo. Zikanakhala kuti ukalamba wa khadi ndi umenewu wokha, bwenzi ndikunena kuti langali ndi la zaka zisanu ndi chimodzi popanda vuto.

Njira yachiwiri imabwera mwadzidzidzi, ndipo kwa ine inafika mu 2023. Ndinaika gemu ina yatsopano, `Texture Quality`, ubwino wa khungu la zinthu, pa `High` monga mwa masiku onse. Poyamba zonse zinali bwino, nambala ya fps, mafulemu pa sekondi aja, ikusewera pamwamba pa 60. Nditayenda kwa mphindi zingapo n'kulowa m'dera lina, chithunzi chinayamba kugwiragwira. Ndikatembenuka, kaima kaye pang'ono, kenako kalumpha. Khoma limene ndinali nalo pafupi linkaoneka ngati lapakidwa matope, njerwa zake n'kutulukira patapita masekondi angapo, ndikabwerera n'kufufutikanso. Chodabwitsa n'chakuti nambala ya fps sinatsike kwambiri. Khadi linali ndi mphamvu, koma linalibe poika zinthu.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumva. Khungu la chinthu chilichonse cha m'gemu, kaya ndi khoma, nkhope kapena malaya, liyenera kukhala mu VRAM, memori ya pa khadi pomwepo. Memori ya khadi ngati langali imanyamula zoposa 400 GB pa sekondi. Ikadzaza, zotsalazo zimakasungidwa mu RAM ya kompyuta, ndipo ziyenera kudutsa mu PCIe, njira yolumikiza khadi ndi kompyuta, imene pa 4.0 x16 imanyamula pafupifupi 32 GB pa sekondi. Zili ngati mmisiri wachangu amene thebulo lake ndi laling'ono: chida chilichonse chimene sichinakwane ayenera kukachitenga kuchipinda china, ndipo changu chake sichithandiza kanthu pamenepo. Pa 60 fps fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 okha. Ikadikira katundu wochokera mu RAM, imatha kutenga kasanu kapena kakhumi kuposa pamenepo, ndiye kugwiragwira kuja.

Pofuna kudziwa kuti vuto ndi liti, musadalire fps yapakatikati. Yatsani pulogalamu ya MSI Afterburner kuti ionetse mzere wa `Frametime`, nthawi imene fulemu iliyonse ikutenga, ndi `1% low`, fps ya pamene gemu yagwira kwambiri. Khadi likangochepa mphamvu, mzerewo umakwera wonse koma umakhala wosalala, ndipo mukatsitsa mithunzi umatsika. Memori ikadzaza, mzere umatuluka minga, ndipo kutsitsa mithunzi sikusintha zambiri. Mukatsitsa `Texture Quality` ndi sitepe imodzi n'kuyambitsanso gemu, minga ija imazimiririka. Mu Task Manager mudzaonanso `Dedicated GPU memory` ili pakamwa pamene `Shared GPU memory` ikukwera. Chenjezo limodzi: magemu ambiri amadzitengera memori yochuluka kuposa imene akuifunadi, ndiye nambala yodzaza payokha si umboni. Umboni ndi minga. Komanso yesani kwa theka la ola, chifukwa mphindi ziwiri zoyambirira nthawi zambiri zimanama.

Nanga n'chifukwa chiyani 2023? Si mwangozi. Magemu akuluakulu amapangidwa poyang'ana makina a PlayStation ndi Xbox, a pa kompyuta n'kumatsatira. PlayStation 4 inatuluka mu Novembala 2013 ndi memori ya 8 GB. PlayStation 5 ndi Xbox Series X zinatuluka mu Novembala 2020 ndi 16 GB, ndipo pa Series X magemu amapatsidwapo 13.5 GB. Kwa zaka ziwiri zoyambirira magemu ambiri ankatulukabe pa makina akale ndi atsopano omwe, ndiye ankayenera kukwana m'makina a 2013. M'nyengo imeneyo khadi la 8 GB linali pa ufulu. Opanga atayamba kusiya makina akale n'kumapangira 16 GB, mpamene nkhani ya 8 GB inabuka paliponse. The Last of Us Part I itafika pa kompyuta mu Malichi 2023 ndi imene inatchuka nazo kwambiri, ngakhale kuti pambuyo pake anaikonza n'kuchepetsa memori imene inkadya. Chimene chapulumutsako makhadi a 8 GB ndi Xbox Series S, ya 10 GB, chifukwa opanga amayenera kukhala ndi makonzedwe otsika oti akwane mmenemo.

Mukayang'ana m'mbuyo, GTX 1060 ya 6 GB, ya mu 2016, inakhala zaka zambiri pamwamba pa kaundula wa makhadi amene anthu akugwiritsa ntchito wa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta. Inali yothamanga kuposa PlayStation 4, ndipo memori yake inali magawo atatu mwa anayi a memori ya makinawo. Inzake ya 3 GB, ya dzina lomwelo, inayamba kubanika kale kwambiri. Pamenepa mpamene ndinatenga muyeso wanga, ndipo ndi wanga ndithu, si lamulo la kampani iliyonse: khadi loti likhalitse likhale ndi VRAM yokwana magawo atatu mwa anayi a memori ya makina a nthawi yake. Pa 16 GB ndiye kuti 12 GB. Langali lili ndi theka.

Izi sizikutanthauza kuti memori yambiri imasandutsa khadi lofooka kukhala lamphamvu. RTX 3060 ili ndi 12 GB, RTX 3070 ili ndi 8 GB, koma m'gemu imene ikukwana mu 8 GB, 3070 imaisiya kutali. Zimafunika zonse ziwiri. Kungoti kuchepa mphamvu kuli ndi mankhwala ambiri osapweteka, pamene kuchepa memori kuli ndi amodzi, kutsitsa khungu la zinthu, ndipo amenewo maso amawaona msanga. Ngakhale DLSS imangochotsako pang'ono, chifukwa makungu aja sachepa chithunzi chikachepa.

Palinso khoma lina limene langali silinafikepo, koma lagwetsa makhadi akale: luso limene khadi lilibiretu. Alan Wake 2, ya mu Okutobala 2023, inapangidwira `Mesh Shaders`, njira yatsopano yojambulira maonekedwe a zinthu, zimene makhadi a GTX 10 ndi RX 5000 alibe, ndipo itangotuluka inkakwawa pa GTX 10. Doom: The Dark Ages, ya mu Meyi 2025, imafuna khadi lokhala ndi zida za `Ray Tracing`, zowerengera mmene kuwala kumayendera, popanda zimenezo siyamba n'komwe. Luso limeneli linafika ndi RTX 20 mu 2018, ndiye panadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri kuti lichoke pa zokometsera n'kukhala chokakamiza. N'chifukwa chake zaka za khadi muziwerenga kuyambira chaka chimene m'badwo wake unatuluka, osati tsiku limene mwaligula. Khadi la 2020 logulidwa mu 2024, ngakhale lili m'katoni yosatsegula, ladya kale zaka zinayi.

Tsopano kawerengedwe. Yambani ndi kulemba chimene mukutcha "kukwanira", chifukwa popanda chimenecho nambala ya zaka ilibe tanthauzo. Changa chinali 1440p, 60 fps, makungu pa `High`. Sikirini imasintha nkhani yonse: 1080p ndi mapikiselo 2.07 miliyoni, 1440p ndi 3.69 miliyoni, 4K ndi 8.29 miliyoni. Khadi lomwelo limene latopa pa 1440p likhoza kukhalabe lanyonga pa 1080p. Kenako onani mmene khadilo likuchitira pa magemu olemera kwambiri a chaka chino, osati amene mumakonda a kalekale. Likamapereka 90 pamene inu mukufuna 60, muli ndi posungira. Likamapereka 62 lili latsopano, mwagula khadi la chaka chimodzi. Pomaliza funsani kuti makina a PlayStation ndi Xbox aja ali pati. Pakati pa PlayStation 4 ndi 5 panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kulumpha kwenikweni kunabwera zaka ziwiri kapena zitatu makina atsopano atatuluka. Mtunda ukakhala womwewo, khadi lopitirira PlayStation 5 pa mphamvu, lokhala ndi 12 GB kapena 16 GB, lili ndi mpata mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 2020.

Ine ndimalemba nambala ziwiri, osati imodzi: zaka zosewera osatsitsa chilichonse chooneka, ndi zaka zosewera motsitsa koma mosangalala. Langali lapereka ziwiri ndi kanthu pa nambala yoyamba, ndipo pa yachiwiri likuwonjezera zina zitatu. Mtengo muziugawa ndi nambala imene mtima wanu ungapirire. Tinene kuti khadi lina mtengo wake ndi 100, m'ndalama iliyonse, ndipo likukwanirani zaka zitatu: ndi 33 pachaka. Lina la 125, la mphamvu yofanana koma memori yokulirapo, likafika zaka zisanu, ndi 25 pachaka. Lapamwamba kwambiri la 250, ngakhale litakhala zaka zisanu ndi ziwiri, ndi pafupifupi 36 pachaka, ndipo khoma la luso latsopano likhoza kulipeza lisanafike kumeneko. Ngati mumagulitsa lakale, chotsani kaye ndalama imeneyo musanagawe, pokumbukira kuti khadi la memori yochepa limagwa mtengo nthawi yomwe anthu onse azindikira vuto lake.

Za madalaivala sindida nazo nkhawa. Makhadi a GTX 10 a mu 2016 analandira madalaivala a magemu atsopano mpaka 2025, zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pofika pamenepo magemu anali atawasiya kale. Langali ndilisungabe, makungu pa `Medium` m'magemu olemera, `Ray Tracing` yozimitsa kumene kuli kotheka. Ndidzalichotsa ndikadzaona 8 GB italembedwa pa `Minimum` m'magemu ambiri amene ndikufuna, ngakhale pa 1080p. Pa Doom: The Dark Ages yalembedwa kale pamenepo.