Ndemanga: Lightroom Classic pa zithunzi za m'holo ya machubu ndi mawindo

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Lightroom Classic kwa miyezi isanu ndi umodzi tsopano, ndipo chimene chinandikokera ku pulogalamuyi ndi chinkhoswe china chimene ndinajambula m'holo ya tchalitchi ku Zomba. Holoyo ili ndi mawindo akuluakulu kumanzere, kudenga kuli machubu a magetsi aatali aja. Maso anga sankaona vuto lililonse. Nditafika kunyumba n'kutsegula zithunzi pakompyuta, ndinapeza mkwatibwi ali ndi tsaya lina labuluu, lina lobiriwira ngati wadwala.

Chifukwa chake n'chakuti kamera imatsatira mtundu umodzi wa kuwala pa chithunzi chonse. Machubu a m'holomo anali a kuwala kwa pafupifupi 4000K, ndipo monga machubu ambiri otchipa, amatulutsa kubiriwira kumene diso silikuona. Kuwala kolowera pawindo, kochokera kuthambo osati padzuwa penipeni, kumapitirira 6500K, ndiye kumaoneka kwabuluu. Pakhungu lathu lakudali zimaonekera kwambiri pamene pakunyezimira, pamphumi, pamphuno ndi pamasaya, chifukwa malo amenewa amabweza kuwala ndi mtundu wake womwe. Ukakonza mbali ino ndi Temp ndi Tint za chithunzi chonse, mbali inayo imaipiratu.

Apa ndi pamene Masking inandigwirira ntchito. Ndinayamba ndi kukonza chithunzi chonse motsatira machubu, poti ndiwo ankaunikira anthu ambiri. Ndinadina White Balance Selector pa kolala yoyera ya malaya a mkwati, mbali yosayang'ana kuwindo. Zinandipatsa Temp 4300 ndi Tint +28, kubiriwira kuja n'kutha. Koma tsaya la kuwindo linasanduka lapepo, chifukwa ndinali nditathira pinki pamalo amene panalibe kubiriwira kwenikweni.

Kenako ndinalowa mu Masking, n'kusankha People, ndipo pulogalamuyo inapeza yokha anthu awiriwo. Ndinasankha Facial Skin ya mkwatibwi. Nditangosintha mtundu pamenepo ndinaona kuti nkhope yonse ikusinthira limodzi, chikhalirecho vuto linali mbali imodzi. Chinsinsi chake ndi Intersect Mask with, n'kusankha Linear Gradient, kukoka kuchokera kukhutu la kuwindo mpaka kupitirira mphuno pang'ono. Motero kusinthako kumagwira khungu lokha, ndipo kumazimiririka pang'onopang'ono monga mmene kuwala kwa pawindo kumathera pankhope. Pamenepo ndinaika Temp +18, Tint -8 ndi Saturation -10. Dziwani kuti mkati mwa Masking manambala a Temp si a K ayi, amangoyenda kuchokera pa -100 kufika pa +100, choncho muziyenda pang'ono. Tsiku loyamba ndinafika pa +40, mkwatibwi n'kuoneka ngati wadzola mafuta a mawese.

Poyesa ngati zatheka sindidalira maso okha, amazolowera msanga. Ndimaika muvi pa masaya onse awiri n'kuwerenga manambala a R, G ndi B pansi pa Histogram. Manambala a tsaya lina akayandikana ndi a linzake, ndiye kuti zili bwino. G akakwera yekha, kubiriwira kudakalipo. Kabuluu pang'ono mbali ya kuwindo ndimakasiya dala, chifukwa ukakachotsa konse nkhope imaoneka yophwatalala ngati yojambula pakhoma.

Pali zimene pulogalamu singakonze, ndipo pamenepa wolakwa ndinali ine. Magetsi a kwathu kuno ndi a 50Hz, ndiye machubu akale amaphethira ka 100 pa sekondi. Zithunzi za pelekanipelekani ndinazijambula pa 1/250 kuti anthu ovina asachite mbuu, ndipo zotsatira zake chithunzi chilichonse chinali ndi mtundu wakewake, china chachikasu kumwamba chobiriwira kumunsi. Zimenezi sizinatheke kuzikonzera pamodzi, ndinachita kuzigwira chimodzichimodzi. Zimene ndinajambula pa 1/100 zinali zofanana, moti ndinakonza chimodzi n'kukopera ku zinzake ndi Sync. Komanso zingapo zimene mnzanga anajambula mu JPEG zinayamba kuchita mabala pakhungu nditangokankha Tint pang'ono, pamene za RAW zinapirira bwinobwino.

Lightroom Classic ndikuipatsa nyenyezi zisanu pa ntchito imeneyi. Ngati mumajambula maukwati ndi misonkhano m'maholo otere, ndalama yolipira mwezi ndi mwezi ija ibwerera, bola kompyuta yanu ikhale yamphamvuko chifukwa kupeza nkhope kumaidya ndithu. Chithunzi cha anthu awiri chimanditengera mphindi zitatu kapena zinayi. Cha gulu la ankhoswe chinanditengera theka la ola, ndipo pa chinkhoswe chotsatira ndinangopempha oyang'anira holo kuti azimitse machubu a pamwamba pa tebulo la akwati.